Mzere Umene Phula Linasiya

Anayambitsa ndi makoswe. M'mawa wina a Telala atalowa m'shedi ya kuseri kwa nyumba kukatenga tsache, anapeza ngodya ya nsalu ija itadyedwa. Sipanali pakulu, chikhatho chikanaphimba, koma pansi panali nyenyeswa za phula mbwee. Anaima nthawi yaitali tsache lili m'manja.

Nsaluyo inali ya akazi awo, amene anthu a mumsewu wawo ankawatcha Mayi Phula. Ntchito yawo inali yolemba nsalu za thonje ndi phula lotentha, kenako n'kuziviika mu utoto. Pamene pali phula utoto sulowa, ndiye phulalo likachotsedwa pamatsala chimene munthu analemba. A Telala ankasoka nsaluzo pakhonde la kumaso. Anakhala choncho zaka zambiri, wina kuseri wina kumaso, osalowererana ntchito.

Iyi inali nsalu yomaliza. Mayi Phula anali atajambula kale masamba a dzungu ndi maluwa ake, mizere yopyapyala ngati ulusi, n'kuiviika koyamba mu utoto wachikasu. Tsiku lina ankadzaza phula m'maluwamo kuti akhalebe achikasu nsalu ikadzalowa mu utoto wachiwiri. Ali pakati pa ntchitoyo sitiroko inawagwetsa. Burashi inatsetsereka nawo, n'kusiya mzere wonenepa wa phula wodutsa pamasamba mpaka m'mphepete mwa nsalu.

Anabwerako kuchipatala mbali ya kumanja itafa. Mawu onse anawathawa, kunangotsala amodzi okha: ayi. Ankakhala pampando m'chipinda atafulatira windo loyang'ana kushedi. Munthu akatembenuza mpandowo ankatseka maso mpaka aubweze.

Mng'ono wa Mayi Phula, woluka tsitsi kumsika, ankabwera m'mawa uliwonse kudzawasambitsa. Anali wapakamwa, ndipo a Telala anamuzolowera monga munthu azolowerera wailesi ya aneba.

"Pa mawu onse a padziko lapansi, achemwali asunga omwe ankakuuzani inu tsiku ndi tsiku," ankatero. "Musadandaule alamu, banja likadalipo."

M'mawa umenewo anawapeza akadali m'shedi.

"Mwaona njoka kapena?"

"Makoswe," anatero a Telala, akuloza ngodya ija.

Mlamuyo anawerama, n'kupukusa mutu. "Ipindeni muike m'sutikesi."

"Phula lithyoka. Kukatentha limatana."

"Ndiye kawapatseni amayi aja onyika nsalu kuseri kwa msika aimalize."

"Ayi."

"Nanunso mwayamba? Nyumba ino itha ndi ayi."

"Ndimaliza ine."

Mlamuyo anaseka mpaka kugwira chitseko. "Inu? Munthu woti ngakhale madzi a tiyi mumapsereza?"

A Telala ankadziwa kuti nsalu imeneyi siikanadikira. Ikapanda kudyedwa ndi makoswe, dzuwa la pamalata likanafewetsa phula n'kufufuta mizere ija. Ndipo dzanja limene linailemba silikanalembanso ina.

Anatseka makina osokera, n'kutenga tizidutswa ta nsalu yoyera ya thonje m'thumba lawo la zotsala. Nsalu yeniyeniyo sanaikhudze. Anayamba kuphunzira pa tizidutswato, kukumbukira zimene ankaona cham'mbali zaka zonsezi podutsa ndi kapu ya tiyi. Anachapa kaye tizidutswa kuti tichoke kuuma kwa kufakitale, chifukwa zimenezo anazionapo. Anasungunula makandulo m'kapoto kakuda ka akazi awo pambaula. Phula loyamba linakhala pamwamba pa nsalu, loyera ngati mafuta ozizira, ndipo ataviika utoto unalowa pansi pake n'kudetsa ponse. Anazindikira kuti linali losatentha mokwanira.

Chimene chinawazunguza mutu chinali utoto. Ankathira ufa wa buluu, mchere, ndi soda wa m'kapaketi amene anatenga kukhitchini, poti ankadziwa kuti pamafunika soda. Kansalu kankatuluka kokongola, buluu wakuda bii. Koma akakachapa, mtundu wonse unkapita ndi madzi, n'kutsala kotuwa ngati malaya a zaka khumi. Anayesanso, anawonjezera mchere, anawonjezera utoto. Chimodzimodzi. Pachingwe panadzaza tinsanza totuwa.

"Mwatsegula sitolo ya zokolopera?" anafunsa mlamu uja. "Eni ake ali m'nyumbamu, bwanji osakawafunsa? Safunsa anadya phula, alamu. Inuyo mudya lenileni."

"Sakufuna kuona."

"Mwawayesa?"

A Telala anapemerera moto. Anali atayesa kamodzi. Anatchula nsaluyo powamwetsa tiyi, ndipo Mayi Phula anatseka maso, tiyi osamumaliza.

Tsiku lina anaganiza kuti ngati phula lozizira silithandiza, ndiye litenthe kwenikweni. Anadzaza makala, n'kutulutsa mbaula panja pa shedi kuti mphepo iwathandize. Anatembenuka kukakhoma kansalu pafelemu. Kumbuyo kwawo kapoto kanayamba kufuka utsi woyera wa fungo lowawa, utsiwo n'kumayenda ndi mphepo mpaka pawindo la kuchipinda. Pamene ankacheuka, kapoto kanali katagwira moto, lawi lili tolotolo.

Mlamu uja ankatuluka m'nyumba ndi ndowa ya madzi osamba. Ataona motowo anathamanga nayo, n'kuikweza kuti akhuthule.

"Ayi!"

Mawuwo anachokera pawindo, amphamvu ngati kale. Mlamuyo anauma ndowa ili m'mwamba. Mayi Phula anali atadzipotokola okha pampando, nkhope ili pa mawaya a windo. Ndi dzanja lamanzere anakweza kapu yawo, anaiika pawindo, n'kuivundikira ndi mbale mwamphamvu. Anavundukula, n'kuvundikiranso.

A Telala anamva. Anatola chivundikiro cha chitsulo, anachikankhira pamwamba pa kapoto, ndipo moto unafa pomwepo. Anaphula kapotoko ndi chiguduli n'kukaika pamchenga. Madzi aja akanagwera m'phula loyaka, likanathovokera kumaso kwa onse awiri.

Mlamuyo anatsitsa ndowa pang'onopang'ono. "Achemwali, mwandipulumutsa nsidze," anatero. "Ndikanaluka bwanji anthu ine wopanda nsidze?"

Mayi Phula sanaseke. Ankamenya mbale pawindo, akuloza shedi.

Anawanyamula ndi mpando womwe, wina uku wina uku, n'kuwakhazika pakhomo pa shedi. Kanali koyamba kuiona nsalu ija chigwereni. Anayang'ana ngodya yodyedwa. Anayang'ana maluwa odzazidwa ndi osadzazidwa. Maso awo atafika pa mzere wonenepa uja anaima. A Telala anayang'ana pansi, kudikira kuti maso aja atsekedwe.

Sanatsekedwe. Anasuntha, n'kupita pachingwe cha tinsanza totuwa. Mayi Phula anatulutsa mpweya m'mphuno monga ankachitira kale akaona msoko wokhota, n'kuloza beseni.

A Telala anabweretsa zonse n'kuziyala pansi ngati munthu wogwidwa ndi katundu wakuba. Anakweza utoto. Akaziwo anagwedeza mutu. Anakweza mchere. Anagwedezanso. Anakweza kapaketi ka soda.

"Ayi."

Dzanja lamanzere linaloza pamwamba pa khoma, pansi pa malata. Kuseri kwa mtanda kunali chitini chakale cha mkaka, chobisidwa kutali ndi ana a aneba. Munali ufa woyera, wokhakhala kuposa wa kukhitchini. A Telala anasungunula pang'ono m'madzi, n'kukhudza ndi nsonga ya chala. Ankaterera ngati sopo. Apo anakumbukira kuti tsiku lina kalekale anapemphako soda woti amwe chifukwa cha chilungulira, ndipo akazi awo anati wanga si wakumwa, ndi womangira utoto pansalu. Wophikira uja anali wofooka, m'madzi ozizira sakanagwira kanthu.

Mayi Phula anawamenya padzanja, n'kuloza magolovesi amene anapachikidwa pamsomali.

Kuyambira tsiku limenelo mpando unkapita kushedi m'mawa uliwonse. Phula lopserera lija analitaya. Posungunula latsopano a Telala anaika makandulo okha, koma akaziwo anagogoda mpando mpaka iwo anapeza chibuma cha phula la njuchi m'kabati. La makandulo lokha limauma gwa n'kuthyokathyoka, la njuchi limapindika ndi nsalu. Anasakaniza. Makala anachepetsedwa, n'kukwiriridwa phulusa. Mayi Phula ankadziwa kutentha kwake ndi mphuno. Likayandikira kufuka ankagogoda kamodzi, a Telala n'kuphula. Likayamba kuzizira ankagogodanso. Dontho loyesera linkayenera kulowa m'nsalu ngati mafuta, n'kuonekera kuseri.

Duwa loyamba pansalu yeniyeni linawatengera m'mawa wonse. Anali munthu woti amalowetsa ulusi pasingano osayang'ana, koma burashi inkawavuta kuyendetsa. Pamene anawerama pafupi ndi pamene anaona bwino ntchito ya akazi awo. Mizere ya masamba inkayenda osaduka, yopanda poyambira poonekera, ngakhale phula limazizira munthu asanapume kawiri. Mphukira zake zopotana zinali zosafanana ngakhale ziwiri, koma zonse zinali za dzungu limodzi. Zaka zonsezi ankadula nsalu zoterezi ndi sizasi, maso ali pa tepi yoyezera.

"Munkatha bwanji, mayi?" anafunsa chapansipansi.

Mayi Phula anagogoda mpando. Phula linali likuzizira.

Duwa lililonse likatha ankafuna nsalu itembenuzidwe, aione kuseri poyang'anitsa kuwala. Pamene phula silinadutse ankaikapo chala, a Telala n'kupakanso kuseriko. Mlamu uja akamaliza zochapa ankaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Sukulu ya mkaka yatsegulidwa. Aphunzitsi, mwana wanuyu akhoza koma?"

"Ayi," anatero Mayi Phula, ndipo mbali yamoyo ya pakamwa pawo inakwera pang'ono.

Maluwa atatha, panatsala mzere uja. A Telala anali ataulingalira masiku onsewo. Anabweretsa simbi yawo yositira ndi mapepala akale, kuti asungunule phulalo lilowe m'mapepala, utoto udzaphimbe malowo. Atangoyandikira, Mayi Phula anaika chikhatho chawo pamzerepo.

"Ndichotse," anatero a Telala. "Si duwa limeneli."

"Ayi."

"Ndi pamene munagwera."

Dzanja silinasunthe. A Telala nawo sanasunthe. Simbi inkazirala m'manja mwawo. Iwo sankafuna kuuonanso mzerewo. Ankati akauyang'ana ankamva kugwa kwa mpando kuja, ndi kuthamanga kwawo kuchokera kukhonde nsalu ya munthu ikadali pakhosi.

"Alamu," anatero mlamu uja, ulendo uno mopanda nthabwala, "ndinawamvapo akunena kuti simbi siichotsa phula lonse. Limasiya mafuta, utoto n'kukana kulowa bwino. Mungopanga chilema chachikulu. Komanso analemba okha. Asiyeni."

A Telala anaika simbi pansi. Ankaganiza kuti nkhani yatha, koma Mayi Phula anazunguza chala kuti nsalu itembenuzidwe. Kuseri, mzerewo unali wodukaduka. Burashi inkagwa phula litayamba kale kuzizira, ndiye silinadutse ponse. Ukanasiyidwa choncho, utoto ukanalowa kuseri n'kuudya, n'kutsala chipsera chosaoneka bwino. Mayi Phula analoza kapoto, n'kuyendetsa chala pamzere wonsewo kuchokera pamwamba mpaka m'mphepete.

"Ndiulimbitse?"

Anagwedeza mutu movomera.

A Telala anatuluka panja. Anakaima pampopi, anasamba m'manja mosafunikira, anayang'ana nkhuku za aneba. Palibe anawaitana. Atabwerera anapeza dzanja lija likadali pomwepo. Anakhala pansi, anaviika burashi, n'kutsatira mzerewo kuseri, kukhota pamene unakhota, kunenepa pamene unanenepa, mpaka pamene unathera. Kanali koyamba kuuyang'ana kuchokera poyambira mpaka pothera.

Tsiku loviika anabwereka bafa lalikulu la pulasitiki kuti nsalu isakwinyike n'kuthyola phula. Anainyowetsa kaye m'madzi oyera. Utoto wa buluu anausungunula m'kapu ndi madzi ofunda pang'ono, n'kuuthira m'bafa la madzi ozizira a mchere. Mayi Phula anapisamo chigongono kaye asanathiremo utoto, kutsimikiza kuti madziwo sangafewetse phula. Nsalu inalowa. A Telala ndi mlamu wawo ankaiyendetsa mofatsa, wina mbali iyi wina inayo, kuti pasakhale pogona mpweya. Chikasu chija chinayamba kusanduka chobiriwira.

Patapita nthawi mpando unagogodedwa. Anakweza nsalu m'mwamba, anathira soda wosungunula kale, anavundula, n'kuibweza. Soda akalowa utoto suchedwa kutha mphamvu, ndiye panalibe zopumira. Mlamu uja anadandaula msana, anadandaula makasitomala ake omudikira kumsika, koma sanasiye. Mayi Phula maso anali pa phula, chifukwa soda yemweyo akakhalitsa amalidya. Ataona kuti zakwana anakweza dzanja.

"Tiyanike padzuwa iume msanga," anatero mlamuyo.

"Ayi."

Sanalole ngakhale kuifinya. Inangodontha madzi pang'ono, kenako anaikulunga yonyowa m'pepala lalikulu la pulasitiki, n'kuiika pamthunzi pofunda, kuti utoto upitirize kugwira thonje mpaka mawa. A Telala anaivundikira ndi bafa n'kusanjikapo njerwa chifukwa cha makoswe.

M'mawa mwake anaitsegula pampopi. Madzi ozizira atangoikhudza anatsika a buluu, akuda, kuyenderera m'ngalande. Zinali ngati tinsanza tija. A Telala anatseka mpopi, anagwira nsalu pachifuwa madzi akuwanyowetsa malaya.

"Ukuchoka," anatero.

Mayi Phula anazunguza dzanja m'mwamba ngati munthu wotsegula mpopi. A Telala anazengereza. Mpando unagogodedwa kolimba. Anatsegula. Beseni loyamba anataya, lachiwiri anataya. Kenako madzi anayamba kuyera, buluu n'kumachepa, mpaka a Telala anatha kuona pansi pa beseni. Anakweza nsalu. Inali yobiriwira bii, ngati munda mvula itangokata. Umene unkachoka unali utoto wotsala pamwamba. Wogwira unali utagwira.

Panatsala kuchotsa phula. Anawiritsa madzi m'mgolo wodula pakati, anathiramo sopo pang'ono, n'kumiza nsalu ndi ndodo. Phula linasungunuka n'kuyandama ngati mafuta, iwo n'kumaliyengula ndi kapu. Anazimitsa moto nsalu ili yomira, kudikira kuti lotsalalo liume pamwamba, n'kulichotsa ngati chikhokho. Mayi Phula sanalole kuti litayidwe. Linapita m'kapoto kakuda kaja. Anachapanso nsaluyo ndi madzi otentha ndi sopo, n'kuiyanika pamthunzi, pachingwe chimene anachotsapo tinsanza.

Mphepo inaitambasula. Masamba anali obiriwira, mitsempha yake yoyera mbee, yosadukiza. Maluwa anali achikasu, a mbali imodzi osalala, a mbali inayo onenepa m'mphepete ngati olembedwa ndi munthu wovala magolovesi. Ndipo pakati pa zonsezo panadutsa mzere uja, wachikasu wowala, wosalala bwino m'mbali zonse, kutsika mpaka kumapeto. Mayi wina wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda dengu lili pamutu, n'kuiwala kumene ankapita.

Mlamu uja anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku. "Utsi wa mgolowu," anatero, ngakhale moto unali utazima kalekale.

Anasendeza mpando pafupi ndi chingwe. Mayi Phula anagwira nsaluyo, anaifinya m'dzanja, n'kuyang'ana chikhatho. Chinali choyera. Anayendetsa chala pamzere uja kamodzi, osafulumira, n'kuusiya. Kenako anayamba kuyendera maluwa a amuna awo limodzilimodzi. Pa lina la kumunsi anaima. Phula linali litathyoka pamenepo, ndipo kamtsempha kobiriwira kanalowa pakati pa chikasu.

Anayang'ana a Telala. "Ayi."

"Limodzi lokha, mayi."

Mayi Phula anatembenuza mutu n'kuloza m'shedi, pashelefu ya pamwamba, pamene panali mpukutu wa nsalu yoyera imene anagula asanadwale.

"Mwalephera mayeso, alamu," anatero mlamu uja. "Mubwereza kalasi."

A Telala analowa m'shedi. Anatsitsa mpukutuwo, anaupukuta fumbi, n'kuyamba kuutambasula pang'onopang'ono, maso ali pa dzanja la akazi awo. Dzanjalo litakwera anadula pomwepo, n'kupita nayo kumpopi kukaichapa.